Kodi kachala ka 👍 pa foni kangakumangeni pa mgwirizano?

Nkhani ya mlimi wa ku Canada amene khoti linamulamula kulipira madola oposa 82,000 atangoyankha uthenga ndi kachithunzi ka chala chachikulu choloza m'mwamba imabwerabwera m'magulu a WhatsApp, ndipo ikabwera anthu amagawikana. Ena amati ndi bodza la pa intaneti. Ena amati basi, kuyambira pano aliyense wotumiza kachala wasayina. Mlanduwo ndi woona, unachitikadi, koma zomwe khoti linanena si zomwe anthu ambiri akufalitsa.

Kuno ku Mangochi funsoli si lakutali. Usipa wouma wa ku Makawa kapena ku Msaka umagulitsidwa pa foni kwa munthu amene ali ku Limbe, nandolo wa ku Namwera amapeza wogula asanapunthidwe, ndipo m'macheza onsewa kachala kaja kamagwira ntchito kuposa mawu. Tizithunzi totere timatchedwa imoji. M'nkhani ino tizingoti kachala.

## Mgwirizano umabadwa pati

Ambiri timaganiza kuti kontirakiti ndi pepala lokhala ndi chidindo ndi masiginecha awiri. Pa malamulo, pepalalo nthawi zambiri limangokhala umboni. Mgwirizano weniweni ndi kumvana kwa anthu awiri, ndipo malamulo a mgwirizano amene makhoti a ku Malawi amatsata, omwe mizu yake ili m'malamulo a ku Mangalande, amafuna zinthu zochepa kuti anene kuti mgwirizanowo ulipo. Wina aike poyera zomwe akufuna kugula kapena kugulitsa, ndi mfundo zomveka: katundu wanji, wochuluka bwanji, pa mtengo wanji. Winayo avomere zomwezo popanda kusintha kanthu. Aliyense akhale ndi chomwe akupereka, uyu katundu, uyu ndalama. Ndipo onse akhale kuti akupanga zenizeni, osati macheza a pa bawo.

Kuvomerako lamulo silinakuikire mawu apadera. Munthu angavomere polemba, polankhula, pogwedeza mutu, ngakhale pongoyamba kukweza matumba m'galimoto. Chomwe sichiwerengedwa ndi kukhala chete. Simungalembere munthu kuti "mukapanda kuyankha pofika mawa ndiye kuti mwavomera" n'kumumanga nazo.

Tsono pali mfundo imodzi imene nkhani yonseyi yatsamirapo. Woweruza safufuza zomwe zinali mumtima mwa munthu pamene amayankha, chifukwa mumtima mwa mnzako simulowedwa. Amafunsa kuti: munthu wanzeru zake, wodziwa mbiri ya awiriwa, akanaona zomwe zinachitikazo akanamva chiyani? Ngati zochita zanu zikanapangitsa munthu wotere kukhulupirira kuti mwavomera, ndipo mnzanuyo anakhulupiriradi, lamulo limakutengani ngati wovomera, ngakhale mutalumbira kuti mumtima munali zina. Mfundoyi ndi yakale. Makhoti a ku Mangalande anaifotokoza kale mu 1871 pa mlandu wa Smith ndi Hughes, womwe unali wokhudza kugulitsana chakudya cha akavalo. Foni yangobweretsa njira yatsopano yoyankhira, funso lake ndi lomwe lija.

## Zomwe zinachitika ku Canada

Mlanduwo unali pakati pa kampani yogula mbewu ya South West Terminal ndi kampani ya ulimi ya Achter Land & Cattle, m'chigawo cha Saskatchewan. M'mwezi wa Marichi 2021 wogula wa kampaniyo anatumiza uthenga kwa alimi ambiri kuti akufuna fulakisi, mbewu ina imene amayengako mafuta, pa mtengo wa madola 17 a ku Canada pa busheli. Busheli ndi muyezo wawo, ndipo ya fulakisi imalemera pafupifupi makilogalamu 25. Kenako analankhula pa foni ndi mlimi mmodzi, nakambirana za matani 87 oti adzaperekedwe mu Novembala. Atatha kulankhulana, wogulayo analemba pepala la mgwirizano, nasayina mbali yake, nalijambula ndi foni, natumiza chithunzicho kwa mlimi pamodzi ndi mawu opempha kuti atsimikize mgwirizano wa fulakisiwo. Mlimi anayankha ndi 👍 basi.

Novembala atafika, fulakisi sanabwere. Mtengo pa msika unali utakwera kufika pa madola 41 pa busheli. Kampani inakasuma.

Mlimi sanakane kuti kachala anatumiza ndi iye. Anati tanthauzo lake linali lakuti "ndalandira uthenga wanu", osati "ndavomera". Anati chithunzicho chinali cha tsamba loyamba lokha, ndipo amayembekezera kuti pepala lonse, ndi mfundo zake zonse, libwera pambuyo kuti aliwerenge n'kusayina. Ananenanso kuti mbewu imene sanakolole sangaigulitsiretu popanda mfundo yomuteteza ngati nyengo yavuta. Kunena zoona, izi si zopusa. Tonse timatumiza kachala kutanthauza kuti "ndaona", makamaka tikakhala pa njinga kapena m'munda.

Mu Juni 2023 jaji Timothy Keene anagamula mokomera kampani, nalamula mlimi kulipira madola 82,200 ndi masenti ochepa, n'kuwonjezerapo chiwongoladzanja ndi zolipira za mlandu. Ndalamayi sinali chindapusa cha kachala. Matani 87 ndi mabusheli pafupifupi 3,425, ndipo kusiyana kwa madola 41 ndi 17 ndi madola 24. Mukachulukitsa ziwirizi mupeza ndalama yomweyo. Ndi zomwe kampani ikanawonjezera kuti igule fulakisi yemweyo kwina pa nthawi imene mlimi anayenera kupereka.

## Chimene chinamugwetsa mlimi

Apa ndi pamene ofalitsa nkhaniyi amadumpha. Jaji anayang'anadi tanthauzo la kachala mu dikishonale ya pa intaneti, napeza kuti kamasonyeza kuvomereza kapena kugwirizana nazo. Koma sanaimire pamenepo. Chimene chinalemera kwambiri ndi mbiri ya awiriwa.

Anali atachita malonda kwa zaka zambiri. Kangapo konse m'mbuyomo wogula yemweyo anali atatumizira mlimi yemweyo chithunzi cha pepala la mgwirizano wa tirigu, ndi mawu ofanana opempha kuti atsimikize. Mlimi ankayankha ndi timawu tating'ono ta Chingerezi, monga `ok`, `yup` kapena `looks good`, ndipo nthawi zonsezo tirigu ankapereka, ndalama n'kulandira. Panalibe tsiku limene anati dikirani ndisayine kaye. Ndiye jaji anaona kuti awiriwa anali atadzipangira okha njira yawo yotsekera malonda: wogula atumiza chithunzi, mlimi ayankha mwachidule, nkhani yatha. Pa njira yoteroyo kachala kanangolowa pa malo a `ok` uja.

Chachiwiri ndi funso limene kachalako kanayankha. Uthenga sunati "mwalandira?" Unati tsimikizani mgwirizano. Yankho limatenga tanthauzo kuchokera ku funso. Kachala kobwera pansi pa "ndatumiza chithunzi, chafika?" ndi kachala kobwera pansi pa "tsimikizani kuti tagwirizana" n'tofanana pa maso, koma pa khoti ndi zinthu ziwiri.

Chachitatu, mfundo zofunika zinalipo kale pa chithunzicho: mbewu yake, kuchuluka, mtengo, ndi mwezi wopereka. Mbali ya mlimi inayesa kunena kuti mgwirizanowo unali wosamveka bwino chifukwa tsamba la mfundo zina silinatumizidwe komanso mwezi unangolembedwa mwachidule, koma jaji anati anthu amene achita malonda otere kambirimbiri ankadziwa bwino zomwe zikunenedwa.

Maloya a mlimi anachenjezanso kuti khoti likavomereza izi, makhoti adzadzaza ndi milandu yomasulira tizithunzi ta mitundumitundu. Jaji anayankha kuti khoti silingatseke njira imene anthu asankha kulankhulirana, ndipo liyenera kukonzeka kukumana nazo.

## Kuvomera ndi kusayina ndi nkhani ziwiri

Panali phiri lina loti kampani ikwere. Lamulo la ku Saskatchewan la kugulitsa katundu limati mgwirizano wa mtundu umenewu, ngati palibe katundu amene walandiridwa kapena ndalama imene yaperekedwako, sungakakamizidwe ku khoti pokhapokha pali cholembedwa chimene wosumiridwayo anasayina. Choncho sikunali kokwanira kuonetsa kuti mlimi anavomera. Panafunika kuonetsa kuti anasayina.

Kuti timvetse zomwe jaji anachita, tikumbukire agogo athu amene sanapite kusukulu. Akafika polandira ndalama kapena pa pepala la ngongole, amapaka chala inki n'kudinda. Pa pepalapo palibe dzina lolembedwa ndi dzanja lawo, koma palibe amene amatsutsa kuti asayina. Chifukwa chake n'chakuti siginecha ili ndi ntchito ziwiri: kusonyeza kuti munthu wake ndi uyu, ndi kusonyeza kuti walola zomwe zalembedwazo. Chidindo cha chala chimakwanitsa zonse ziwiri. Jaji anati kachala ka pa foni kanakwanitsanso zonse ziwiri, chifukwa kanachokera pa nambala ya foni ya mlimiyo, imene aliyense amaidziwa kuti ndi yake, ndipo kanaikidwa poyankha pepala lenilenilo. Anavomereza kuti si njira yozolowereka yosayinira, koma anati pa mlandu umenewu inali yokwanira.

Kufanana kwake kumathera pomwepo. Mizere ya chala cha agogo ndi yawoyawo, pamene 👍 wanu ndi wanga ndi chimodzimodzi. Chomwe chimaloza munthu si kachithunziko, koma nambala, foni, tsiku ndi nthawi zomwe zimayenda nako.

Mlimi anachita apilo. Mu Disembala 2024 khoti la apilo la Saskatchewan linagwirizana ndi chigamulo choyamba, koma majaji anagawikana, awiri kwa mmodzi. Jaji wotsutsayo sanakane kuti panali kumvana. Chimene anakana ndi chakuti kachala n'siginecha. Maganizo ake anali akuti ngati yankho lililonse lochokera pa foni ya munthu likhala siginecha, ndiye kuti lamulo lofuna siginecha latha ntchito, popeza kuvomera ndi kusayina zasanduka chinthu chimodzi. Awiri enawo anati kachala pamodzi ndi zomwe foni imasunga zosonyeza wotumiza zinakwaniritsa cholinga cha lamulolo. Kugawikana kumeneku n'koyenera kukukumbukira: funso la kuvomera ndi lofewa, la siginecha ndi limene ngakhale majaji amakanganapo.

## Nanga kuno kwathu

Chigamulo cha ku Canada si lamulo ku Malawi. Majisitireti wa pa boma pano kapena jaji wa khoti lalikulu sakakamizidwa kuchitsata. Koma popeza malamulo athu a mgwirizano ndi a ku Canada anachokera ku tsinde limodzi, loya akhoza kuchitchula kuti chithandize khoti poganiza, ndipo khoti likhoza kuchimvera kapena kuchisiya.

Chomwe tili nacho chathuchathu ndi lamulo la 2016 lotchedwa Electronic Transactions and Cyber Security Act. Lamuloli limazindikira kuti uthenga wa pa foni kapena pa kompyuta ukhoza kukhala cholembedwa, ukhoza kubweretsedwa ngati umboni ku khoti, ndipo mgwirizano sufa chifukwa chongoti unapangidwa pa makina. Limazindikiranso siginecha ya pa makina, koma limayang'ana ngati njira yosayinirayo ikuloza munthu mmodzi yekhayo, ngati inali m'manja mwake pa nthawiyo, ndiponso ngati kusintha kulikonse kochitika pambuyo kungaoneke. Mukaika kachala pa sikelo imeneyi muona kuti pali pokangana, monga anakanganira majaji a ku Canada aja.

Mwayi wake, kapena tsoka lake, ndi wakuti malonda ambiri a tsiku ndi tsiku mkangano wake sukhala pa siginecha. Umakhala pa funso lakuti kodi munagwirizana kapena ayi, ndipo apo kachala ndi umboni ngati umboni wina uliwonse. Koma pali zinthu zimene lamulo linaziikira njira yakeyake. Wilo, mwachitsanzo, imafuna kulembedwa ndi kusayinidwa pamaso pa mboni ziwiri malinga ndi lamulo la 2011 la chuma cha masiye. Kusamutsa umwini wa malo a lizi kumafuna mapepala ake ndi kulembetsa ku boma. Amene akuganiza kuti wagula puloti ya m'mbali mwa nyanja chifukwa mwini wake anayankha 👍 ali ndi ulendo wautali.

## Matumba 40 a nandolo

Tiyerekeze ndi nkhani yongopeka, ndi mitengo yongopekanso. Mayi wina wogula mbewu pa Mangochi boma wakhala akugula nandolo kwa bambo wina wa ku Namwera kwa zaka zingapo. Mu Julayi akulankhulana pa foni, kenako mayiyo akulemba pa WhatsApp:

"Bambo, monga takambirana: matumba 40 a nandolo a makilogalamu 50, pa K800 pa kilo, ndidzatenga pa 15 Seputembala, ndalama ndidzapereka tsiku lomwelo. Mwavomera?"

Bambowo akuyankha 👍. Pofika Seputembala mavenda ena afika ndi sikelo zawo akugula pa K1,100. Bambo aja agulitsa nandolo yense kwa iwo. Mayi akubwera ndi lole n'kupeza nkhokwe ili mbee.

Akapita ku khoti, mayiyo ali ndi poyambira pabwino. Uthenga wake uli ndi zonse: katundu, kuchuluka, mtengo, tsiku, ndipo ukutha ndi funso lofuna inde kapena ayi. Akaonetsanso macheza a chaka chatha ndi dzana lake, pamene bambowo anayankha "chabwino mayi" kapena kachala komweko n'kuperekadi nandolo, nkhani yake yafanana kwambiri ndi ya ku Canada. Pa milandu ya mtundu uwu khoti silifuna umboni wochotsa chikayiko chonse ngati pa mlandu wa kuba. Limangoona mbali imene nkhani yake ikuoneka yoona kuposa inzake.

Akapambana, alandira zingati? Osati K1,600,000 ya nandolo yense, chifukwa ndalamayo sanapereke, ikadali m'thumba mwake. Chipukuta misozi chake ndi kusiyana kwa mitengo: makilogalamu 2,000 kuchulukitsa ndi K300, zomwe ndi K600,000. Akhozanso kupempha ndalama ya lole imene inayenda ulendo wachabe. Koma lamulo limayembekezeranso kuti iye achitepo kanthu kuchepetsa kuluza kwake. Ngati nandolo anali kupezeka pa K1,100 sabata imeneyo iye n'kukhala pansi mpaka mtengo utafika K1,500, sangakankhire kusiyana konseko kwa bambo aja. Ndipo mtengo ukanakhala kuti watsika m'malo mokwera, mayiyo sakanaluza kanthu pa mtengo. Mpeni womwewu umachekanso mbali inayo: akanakhala mayiyo ndi amene wathawa mtengo utagwa, bambowo akanagwiritsa ntchito macheza omwewo kumusumira.

Tsopano tisinthe zinthu pang'onopang'ono, muone momwe kachala komweko kamafookera.

Uthenga ukanakhala wakuti "Bambo, chaka chino ndifunanso nandolo, tidzakambirana mtengo", kachala sikakanamanga aliyense. Palibe mtengo, palibe kuchuluka, ndiye palibe choti munthu avomere. Kugwirizana kuti tidzagwirizana si mgwirizano.

Mayiyo akanatumiza mauthenga atatu motsatizana, woyamba wa nandolo, wachiwiri wofunsa za odwala kunyumba, wachitatu wonena kuti adzaimba madzulo, kenako kachala n'kubwera pansi pa onsewo, loya wa bambowo akanafunsa kuti kakuyankha uti. Apa kagwiritsidwe ntchito ka WhatsApp kamakhala ndi kanthu. Munthu akadina uthenga n'kuumata kachala, kapena akayankha mogwira uthenga weniweniwo, zimaoneka kuti akuloza uti. Kachala koima pakokha pansi pa mulu wa mauthenga n'kosavuta kukakana.

Bambowo akanayankha 👍 n'kuwonjezera kuti "koma mtengo ukhale K900", ndiye kuti sanavomere. Abweza mpira kwa mayi ndi mtengo watsopano, ndipo mgwirizano udikira yankho la mayiyo. Chimodzimodzi akanalemba patangopita mphindi zochepa kuti "ndaona, ndikuyankhani ndikafunsa akunyumba". Mawu amenewo akufotokoza kachala kaja nthawi yomweyo, mayi asanachite chilichonse modalira iko. Kufotokoza kobwera miyezi iwiri pambuyo, mtengo utakwera kale, khoti limakuyang'ana ndi diso lina.

Ndiye pali nkhani ya mwini foni. M'makomo ambiri kuno foni imodzi imagwiridwa ndi bambo, mayi ndi ana, ndipo imakagona kotchajitsa pa msika. Bambowo akhoza kunena kuti mwana ndi amene anadina. Nambala ya foni inalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, choncho mwini nambala amadziwika, koma izi sizinena kuti chala chinali cha yani. Zikatere khoti limayang'ana zomwe zinatsatira. Ngati patapita sabata mayi analemba kuti "matumba opanda kanthu ndatumiza pa kabaza" bambowo n'kuwalandira osafunsa kuti ndi a chiyani, nkhani ya mwana ija yavuta kuikhulupirira. Ngati analandirako ndalama yachikole pa foni, ndiye kachala sikakhalanso nkhani yaikulu, chifukwa kulandira ndalamako kwalankhula kale.

## Pamene palibe mgwirizano koma munthu walipirabe

Mlandu wina umene umatchulidwa kawirikawiri ndi wa ku Israel wa 2017. Mwini nyumba analengeza kuti nyumba yake ikufuna wobwereka. Banja lina linamulembera kuti likuifuna nyumbayo ndipo kwangotsala kukambirana zing'onozing'ono, n'kuikapo tizithunzi tachisangalalo, monga mayi wovina ndi botolo la shampeni. Mwini nyumba anachotsa chilengezo chake. Banjalo linazengereza, likutumizabe tinkhope tomwetulira, kenako linakapeza nyumba ina. Khoti la milandu ing'onoing'ono linati tizithunzito sitinapange mgwirizano wa lendi, koma linalamula banjalo kulipira chifukwa linapatsa mnzawo chiyembekezo chabodza pokambirana.

Chigamulochi chinatsamira pa lamulo la ku Israel lofuna kuti anthu azikambirana malonda mokhulupirika ngakhale asanagwirizane. Malamulo ochokera ku Mangalande, monga athuwa, sakhala ndi udindo waukulu woterowo pa nthawi yokambirana, choncho mlanduwu usatengedwe ngati chithunzi cha zomwe zingachitike kuno. Ukungoonetsa kuti khoti limawerenga tizithunzi ngati mbali ya zomwe munthu ananena, silitidumpha ngati zokongoletsa.

## Umboni wake umasungidwa bwanji

Mlandu wa kachala umaima kapena kugwa ndi macheza onse, osati kachidutswa. Sikirinishoti imodzi yoonetsa uthenga ndi kachala pansi pake ndi yofooka, chifukwa ndi yosavuta kupanga yabodza, ndipo mbali inayo idzati mwadula zomwe zinali pamwamba ndi pansi. Chofunika ndi foni yeniyeniyo, macheza ali momwemo, kuti khoti likafuna lione lokha. Pojambula masikirinishoti, nambala ya munthuyo ioneke, osati dzina lokha limene munamusungira, popeza aliyense akhoza kusunga nambala iliyonse ndi dzina lililonse. Tsiku ndi nthawi zionekenso. WhatsApp ili ndi `Export chat`, imene imatulutsa macheza onse ndi masiku ake kuti muwasunge kwina, ndipo ndi bwino kuchita zimenezi foni isanagwere m'nyanja kapena kubedwa.

Pali zinthu zingapo zimene zimafufuta umboni mwakachetechete. Kachala komata pa uthenga mwini wake akhoza kukachotsa nthawi ina iliyonse, ndipo pamalopo sipatsala chizindikiro. Uthenga wotumizidwa ukhoza kusinthidwa m'mphindi 15 zoyamba, ngakhale pamatsala mawu osonyeza kuti wasinthidwa. `Delete for everyone` imachotsa uthenga mbali zonse ziwiri ngati sipanapite masiku awiri kapena kuposerapo pang'ono. Ndipo ngati macheza anaikidwa pa `Disappearing messages`, zonse zimazimiririka zokha pakatha maola 24, masiku 7 kapena masiku 90, malinga ndi zomwe zinasankhidwa. Malonda a nandolo ogwirizana mu Julayi oti adzatheke mu Seputembala akhoza kufika tsiku lake macheza atapita kale.

Mauthenga a mawu ojambulidwa, amene ambiri kuno timawakonda kuposa kulemba, nawonso ndi umboni, ndipo nthawi zina amaposa kachala chifukwa liwu la munthu limadziwika. Vuto lake ndi lakuti kachala koyankha uthenga wa mawu wa mphindi zitatu, wosakaniza malonje, mitengo iwiri ndi nkhani ya maliro, n'kovuta kunena kuti kavomera chiyani. Wogula wochenjera akamaliza kulankhula amalemba mfundozo mu uthenga umodzi waufupi, n'kupempha yankho la mawu, kuti "lembani kuti ndavomera". Wogulitsa amene akungofuna kusonyeza kuti uthenga wafika, makamaka kwa munthu amene amachita naye malonda kawirikawiri, ali ndi mawu atatu omuteteza kuposa kachala: "Ndaona, ndiyankha mawa."